Uthenga Uti Unayamba? Kuwerenga Nthawi ndi Matiki pa Sikirinishoti ya WhatsApp Pakabuka Mkangano

Pa milandu ing'onoing'ono imene imakambidwa m'makomiti a m'misika, m'magulu a banki m'khonde ngakhalenso pakati pa abale, masiku ano sipalephera kupezeka munthu wotulutsa foni n'kunena kuti umboni wake ndi umenewu. Chimene amaonetsa kawirikawiri ndi sikirinishoti ya macheza a pa WhatsApp, ndipo funso limakhala lomwe lija: kodi uthenga uti unayamba, ndipo mnzakeyo anauona asanachite zimene anachitazo kapena atachita kale? Zimafika povuta mnzakeyo akatulutsanso sikirinishoti yake ya macheza omwewo, mauthenga n'kuoneka atasanjidwa mwina, nthawi zakenso zikusiyana. Pamenepo okamba mlandu amathamangira kuganiza kuti mmodzi mwa awiriwo wapeka chithunzi chake, chonsecho nthawi zambiri zithunzi zonse ziwiri zimakhala zenizeni, kungoti foni iliyonse imasunga zimene inaona yokha, m'ndondomeko imene inazionera.

Tiyerekeze nkhani imodzi, ndipo tiitsate mpaka pamapeto. Mayi wina wogulitsa kachewere ku Lilongwe anaoda matumba 20 kwa bambo wina wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu, n'kugwirizana kuti katunduyo anyamuka Lachiwiri m'mawa. Tsikulo litafika, mayiyo anasintha maganizo chifukwa amene ankafuna kudzatenga theka la matumbawo anabwerera m'mbuyo. Katundu anafika ndithu ku Lilongwe, ndipo mkangano unali pa ndalama ya galimoto. Sikirinishoti ya mayiyo ikuonetsa uthenga wawo wakuti “Bambo, musakweze matumba aja, ndikuuzani mawa” uli pamwamba ndi nthawi ya 06:48 komanso matiki awiri a buluu, ndipo pansi pake pali uthenga wa bamboyo wa 07:35 wakuti “Mayi, matumba akwera, galimoto yanyamuka.” Aliyense woona chithunzi chimenechi anganene kuti bamboyo anachenjezedwa kukadali mphindi 47, anawerenga, koma anachitira dala. Sikirinishoti ya bamboyo ikunena zina: uthenga wawo wa 07:35 ndiwo uli pamwamba, ndipo uthenga wa mayiyo uli pansi ndi nthawi ya 08:10, galimoto itayenda kale kwa theka la ola ndi mphindi zisanu.

Nthawi yolembedwa pa uthenga ndi ya ndani

Chinthu choyamba kuchita ndi kudziwa mwini foni imene inajambula chithunzi chilichonse, ndipo izi sizivuta. Mauthenga a mwini foni amakhala kudzanja lamanja ndipo ndi okhawo amene amakhala ndi matiki, pamene mauthenga obwera kuchokera kwa mnzake amakhala kumanzere ndipo sakhala ndi tiki ngakhale imodzi. Chithunzi chimene munthu akuti ndi cha m'foni mwake, koma mawu ake ali kumanzere, ndiye kuti anachita kutumiziridwa ndi wina, ndipo ayenera kufotokoza kumene anachitenga.

Mukadziwa zimenezi, muziwerenga nthawi za kumanja ndi za kumanzere ngati zinthu ziwiri zosiyana. Nthawi imene ili pa uthenga wa kumanja ndi imene mwini foniyo anadina batani lotumizira, kaya uthengawo unachoka pompo kaya unatsakamira m'foni chifukwa chosowa netiweki kapena kutha kwa bandulo. Nthawi imene ili pa uthenga wa kumanzere ndi imene uthengawo unafika ku makompyuta a WhatsApp uli pa ulendo, osati imene mnzanuyo anaulemba, ndiponso osati imene unalowa m'foni yanu. Choncho uthenga umodzi umakhala ndi nthawi zinayi: yolembedwa, yochoka m'foni ya wotumiza, yolowa m'foni ya wolandira, ndi yotsegulidwa. Netiweki ikakhala bwino mbali zonse, zitatu zoyambazo zimagwera m'mphindi imodzi ndipo palibe amene amazindikira kuti n'zosiyana. Foni imodzi ikangokhala yopanda intaneti kwa kanthawi, zimatalikirana.

Kasanjidwe ka mauthenga pa sikirini nako kamatsata foni. Foni imaika uthenga wa mwini wake pamndandanda nthawi yomweyo imene waulemba, ndipo uthenga wobwera imauika pamene wafika. Pa nkhani yathu ija, mayiyo analembadi uthenga wawo pa 06:48, ndipo foni yawo inauika pamndandanda ndi nthawi imeneyo. Koma ngati bandulo inali itatha usiku, uthengawo unangokhala m'foni ndi kachizindikiro ka wotchi m'malo mwa tiki, ndipo munthu amene walemba uthenga mothamanga n'kuponya foni m'chikwama sayang'ana kachizindikiro kameneko. Bamboyo analemba wawo pa 07:35 m'foni mwawo mulibe chilichonse chatsopano. Mayiyo atagula bandulo cha m'ma 08:10, uthenga wawo unachoka ndipo wa bamboyo unalowa nthawi imodzi. Kwa mayiyo uthenga wobwerawo unagwera pansi pa wawo, ndipo kwa bamboyo zinachitika chimodzimodzi mbali inayo. Zithunzi ziwirizo zikutsutsana popanda wina kunama.

Amene akukayika za kayendedwe kameneka asalimbane ndi mawu, ayese ndi mafoni awiri omwewo pamaso pa onse. Wina azimitse intaneti m'foni mwake, alembe uthenga kupita kwa mnzake, mnzakeyo alembenso wake patatha mphindi ziwiri, ndipo pakatha mphindi zisanu woyamba uja ayatse intaneti. Mukaika mafoniwo pamodzi mudzaona ndi maso nthawi ziwiri zosiyana pa uthenga umodzi, ndipo kuyesa kumeneku kumatontholetsa anthu msanga kusiyana ndi kulongosola kulikonse.

Matiki sanena kuti zinachitika liti

Tanthauzo la matiki ambiri amalidziwa. Tiki imodzi yotuwa imasonyeza kuti uthenga wachoka m'foni ya wotumiza koma sunafike kwa wolandira, matiki awiri otuwa amasonyeza kuti wafika pa foni yake kapena pa chipangizo china chimene analumikiza ku nambala yake, ndipo matiki awiri a buluu, amene WhatsApp inayamba kuwaonetsa mu Novembala 2014, amasonyeza kuti macheza atsegulidwa uthengawo uli momwemo. Cholakwika chimene chimabwerezedwa pa milandu yambiri ndi kuwerenga matikiwo limodzi ndi nthawi imene ayandikana nayo, ngati kuti “06:48” ndi buluu wa pambali pake zikunena chinthu chimodzi. Nthawi ija imaima pomwepo, koma matiki amasintha m'kupita kwa maola, ndipo sikirinishoti imangowagwira mmene analili pamene chithunzicho chimajambulidwa. Ngati mayi aja anajambula chithunzi chawo madzulo mkangano utayamba, buluu amene akuonekayo akungotsimikiza kuti pofika madzulowo bamboyo anali atatsegula uthengawo. Za m'mawa sakunenapo kanthu.

N'chifukwa chake nthawi imene chithunzi chinajambulidwa ndi yofunika mofanana ndi zimene zili m'chithunzimo. Yang'anani kawotchi ka pamwamba penipeni pa sikirini, ngati sikanadulidwe, ndipo kumbukirani kuti m'mafoni ambiri kawotchi kameneka sikasonyeza ngati ndi m'mawa kapena madzulo pamene foniyo ikuwerenga maola khumi ndi awiri. Tsiku lenileni mulipeza m'dzina la chithunzicho m'foni imene inachijambula, chifukwa mafoni ambiri a Android amalemba chaka, mwezi, tsiku ndi nthawi m'dzinamo, mofanana ndi `Screenshot_20240312-184502`. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba dzinali limasinthidwa n'kukhala longa `IMG-20240313-WA0007`, limene likungonena tsiku limene chinalandiridwa. Pofuna kuti dzina loyamba lisatayike, mwini wake achitumize posankha `Document`.

Sikirinishoti yojambulidwa msanga imatha kukhala ndi mphamvu kuposa yojambulidwa mochedwa. Bambo aja akanakhala kuti anajambula macheza pa 07:50 pofuna kuonetsa woyendetsa galimoto nambala ya mayiyo, chithunzicho chikanaonetsa uthenga wawo wa 07:35 uli ndi tiki imodzi yokha, pansi pake popanda kanthu, ndipo nkhani ikanathera pomwepo.

Matiki otuwa nawo ali ndi malire ake, ndipo pano ndi pamene anthu amanamizirana mbali inayo. Munthu angathe kuzimitsa `Read receipts` pansi pa `Privacy`, ndipo akatero mauthenga olembedwa amene walandira pa macheza a anthu awiri sasanduka a buluu ngakhale atawawerenga kangati. Angathenso kuwerenga uthenga waufupi pa kachidziwitso kamene kamatsika pamwamba pa sikirini osatsegula WhatsApp, matiki n'kukhalabe otuwa. Tsono matiki otuwa satsimikiza kuti munthu sanaone, monganso a buluu satsimikiza kuti anawerenga n'kumvetsa, pakuti foni imene inasiyidwa ili yotsegula pa macheza amenewo, kapena imene mwana ankaseweretsa, imabweza buluu mwini wake ali kumunda. Njira yodziwira ngati munthu anazimitsa ndi kuyang'ana mauthenga akale amene anawayankha bwinobwino: ngati onsewo ali otuwa, kutuwa kwa uthenga wa mkanganowo sikukunena chilichonse. Pa gulu malamulo ndi ena, chifukwa kumeneko kuzimitsako sikugwira ntchito, ndipo tiki yachiwiri imadikira kuti onse alandire, buluu n'kudikiranso kuti onse atsegule. Membala mmodzi amene foni yake inabedwa angathe kusiya uthenga uli ndi tiki imodzi kwa masiku, ena onse atauwerenga kalekale.

Pamene nthawi zenizeni zimapezeka

Zimene sikirinishoti ya macheza imabisa zili pa tsamba lotchedwa `Info`, ndipo aliyense amatha kuliona pa mauthenga amene iye mwini anatumiza basi. Pa Android mumadina uthengawo osachotsa chala mpaka utasankhika, kenako mumadina timadontho titatu ta pakona ya pamwamba n'kusankha `Info`. Pa iPhone mungathe kungokokera uthengawo kumanzere. Tsambalo limaonetsa mizere iwiri, `Delivered` ndi `Read`, uliwonse ndi nthawi yake, ndipo pa gulu limaonetsa membala aliyense payekha. Popeza aliyense amaona za mauthenga ake okha, pamafunika mafoni onse awiri, ndipo ndi bwino kuti atsegulidwe pamaso pa wokamba mlandu m'malo modalira zithunzi zotumiziridwa.

Pa nkhani ya kachewere ija, tinene kuti `Info` ya uthenga wa mayiyo ikuonetsa kuti unafika pa 08:10 ndipo unawerengedwa pa 08:26. Izi zokha zikusonyeza kuti bamboyo sakanauona galimoto isananyamuke, komabe sizikuuza amene anali wopanda intaneti, chifukwa uthenga ungathe kuchedwa kaamba ka foni ya wotumiza kapena ya wolandira. Yankho lili pa kuyerekeza nthawi ya pa uthenga womwewo m'mafoni onse awiri. Foni ya bamboyo ikanakhala kuti ndiyo inali yozima kapena kunja kwa netiweki, uthengawo ukanachoka bwinobwino kwa mayiyo pa 06:48, ndipo ngakhale ukanafika mochedwa, ukanaonekabe kwa bamboyo ndi nthawi ya 06:48. Kuoneka kwake ndi 08:10 kukusonyeza kuti unachedwa kuchoka. Tsopano tsegulani `Info` ya uthenga wa bamboyo wa 07:35: ngati nayonso ikuonetsa kuti unafika kwa mayiyo pa 08:10, ndiye kuti zinthu ziwiri zosiyana zaloza mphindi imodzi, imene foni ya mayiyo inabwerera pa intaneti.

Umboni wachitatu ufunefuneni kunja kwa WhatsApp, chifukwa umakhala ndi wotchi yake. Uthenga wa kampani ya foni wotsimikiza kugula bandulo, uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wokhala ndi nambala ya malipiro, ndi mndandanda wa mafoni oimbidwa, zonsezi zimathandiza kumangirira nthawi. Mayiyo akapezeka ndi uthenga wa bandulo wa 08:09, palibenso chotsala. Lembani zonse papepala m'mizere itatu, wa foni yoyamba, wa foni yachiwiri ndi wa umboni wa kunja, chilichonse pa mphindi yake, ndipo mudzapeza ndondomeko iyi: kulemba pa 06:48, uthenga wakuti galimoto yanyamuka pa 07:35, kugula bandulo pa 08:09, kufika kwa mauthenga onse awiri pa 08:10, kuwerenga pa 08:26.

Mauthenga awiri akagwera m'mphindi imodzi, sikirinishoti singalekanitse, chifukwa WhatsApp sionetsa masekondi pa macheza. Chothandiza kwambiri pamenepo ndi mawu ogwidwa: uthenga umene wayankha unzake mousankha, mawu a woyambayo n'kuoneka pamwamba pake m'kabokosi, ndi wachiwiri mosakayikitsa, pakuti munthu sangagwire mawu amene sanafike m'foni mwake. Ngati mmodzi ali ndi iPhone, `Export chat` imatulutsa macheza onse ndi masekondi omwe, pamene ya Android imalekera pa mphindi. Zotulutsidwa motere zilibe matiki ndipo ndi zolemba wamba zimene aliyense angasinthe, kotero zitulutsidwe onse akuona.

Tsiku ndi dera

Mawu akuti `Today` ndi `Yesterday` amene amaoneka pakati pa macheza amatengera tsiku lojambula chithunzi, osati tsiku limene mukuchiona, ndipo mauthenga a masiku angapo apitawo amangolembedwa dzina la tsiku la sabata. Sikirinishoti imene mzere wa tsiku unadulidwa ingathe kuika uthenga wa 18:20 pamwamba pa wa 18:24 ngati kuti anayankhana nthawi yomweyo, pamene pakati pake panadutsa usiku wathunthu kapena sabata. Pemphani chithunzi choyambira pa mzere wa tsiku kufikira pa mzere wotsatira.

Foni iliyonse imaonetsanso nthawi molingana ndi dera limene yaikidwa. Pakati pa Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa palibe kusiyana, kotero mkangano wa ndalama zotumizidwa kuchokera ku Joni sungafotokozedwe ndi dera. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo wamalonda amene wapita kukaoda katundu ku Kyela kapena ku Dar es Salaam, foni yake ikasintha yokha nthawi, macheza ake onse, akale omwe, amaoneka atasuntha ndi ola. Ku Britain nthawi imakhala m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira Lamlungu lomaliza la Okotobala kufika Lamlungu lomaliza la Malichi, ndipo miyezi inayo imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi. Kuzindikira vuto limeneli n'kosavuta: kusiyana kwa dera kumakhudza mauthenga onse mofanana ndipo pa maiko amenewa kumakhala kwa maola athunthu, mphindi zikufanana, pamene kuchedwa kwa netiweki kumakhudza uthenga umodzi kapena ochepa, ndi mphindi zosalongosoka monga 82 za pa nkhani yathu. Ngati mauthenga onse akusiyana ndi mphindi zochepa zofanana, kayikirani wotchi ya foni imodzi imene mwini wake anaikonza pamanja, ndipo tumiziranani uthenga watsopano pomwepo kuti muone kukula kwa kusiyanako.

Pamene china chachotsedwa kapena chasinthidwa

Pali nthawi imene nthawi ndi matiki zimagwirizana bwinobwino koma macheza sakumveka, wina akuyankha funso limene silikuoneka. Uthenga wochotsedwa kwa onse, zimene zimaloledwa kwa masiku pafupifupi awiri, umasiya chipsera pamalo pake, chimene kwa wolandira chimanena kuti `This message was deleted`, ndipo chipseracho chimasungabe malo ake pamndandanda. Uthenga wochotsedwa m'foni imodzi yokha susiya chilichonse m'foni imeneyo, koma kwa mnzakeyo umakhalabe, ndipo apa ndi pamene kuwerenga mauthenga a tsikulo umodziumodzi m'mafoni onse awiri kumaulula kusiyana. Kuyambira mu Meyi 2023 munthu angathenso kusintha mawu a uthenga wake mkati mwa mphindi 15 atautumiza, ndipo uthengawo umalembedwa `Edited` m'mafoni onse, koma mawu oyambawo saonekanso. Uthenga wa mtengo kapena wa chiwerengero cha matumba ukakhala ndi chizindikiro chimenechi, musaudalire wokha, pokhapokha ngati pali sikirinishoti yojambulidwa usanasinthidwe.

Zithunzi zopeka ziliko ndithu, ndipo kuzipanga sikufuna luso, popeza munthu angathe kusunga nambala ya mnzake wina ndi dzina la amene akukangana naye, n'kulemberana zimene akufuna. Kuyang'anitsitsa maonekedwe a zilembo kapena mtundu wa matiki sikuthandiza pamenepo, chifukwa chithunzicho ndi cha WhatsApp yeniyeni. Tsegulani macheza enieniwo m'foni, dinani dzina la pamwamba, ndipo werengani nambala imene ili pansi pake. Amene akunena kuti macheza anafufutika ndipo changotsala ndi chithunzi, umboni wake ugwire ntchito pa zokhazo zimene foni ya mnzake ikuvomereza.

Zikatha zonsezi, chimene komiti ili nacho m'manja pa nkhani ya kachewere ndi chakuti mayiyo analemba nthawi ikadalipo, koma uthenga wawo unalowa m'foni ya bamboyo patatha mphindi 35 bamboyo atalengeza kuti galimoto yanyamuka. Nthawi ya 07:35 ija ndi ya uthenga, osati ya galimoto, ndipo ngati mayiyo akukayika kuti mwina matumba anali asanakwere pamene bamboyo ankalemba, ofunsidwa ndi woyendetsa galimotoyo pamodzi ndi mafoni amene anaimbirana ndi bamboyo m'mawa umenewo. Za amene alipire galimoto, zimenezo zitengera zimene awiriwo anagwirizana poyamba pa nkhani yoletsa oda, ndipo kawirikawiri mgwirizano umenewo umapezeka m'macheza omwewo mukabwerera m'mbuyo masiku awiri kapena atatu.